Kalata yotseguka kwa Gavanala wa Banki Yaikulu, Nduna ya Zachuma ndi aphungu a komiti yoona za bajeti: za golide ndi ndalama zotsekeredwa kunja

Olemekezeka a Gavanala, a Nduna ndi aphungu,

Ndine munthu wopuma pantchito. Zaka zambiri ndinazithera pa desiki yolipira katundu wochokera kunja m'banki ina ya malonda muno m'dziko, ndipo ndikulemba chifukwa cha mawu amene ndikuwamva kawirikawiri masiku ano, pawailesi ngakhalenso pamaliro. Akuti maiko anzeru akutaya dola n'kugula golide, ndiye ifenso tichite chimodzimodzi. Maiko ambiri akuguladi golide, izo sinditsutsa. Koma chimene chikuwathamangitsa si chimene chikutithamangitsa ife, ndipo ndikuopa kuti tingagule mankhwala a matenda a mnzathu n'kuiwala athu. Ndiloleni ndifotokoze zimene zinachitikira dziko la Russia mu 2022, chifukwa nkhani yonseyi inakula kuchokera pamenepo, kenaka ndikupempheni zinthu zochepa.

Ndiyambe ndi chinthu chimene ine ndinachimvetsa mochedwa, nditagwira kale ntchito zaka zingapo. Tikamanena kuti dziko lili ndi madola m'thumba lake la ndalama zakunja, anthu amaganiza za chipinda chachitsulo chodzaza mitolo ya ndalama ku Lilongwe. Si choncho. Madola a dziko amakhala ku Amereka, olembedwa mu akaunti ya banki ya ku New York, kapena amakhala mabondi a boma la Amereka, kutanthauza kuti dziko labwereketsa ndalamazo ku bomalo kuti lizilandira chiwongoladzanja. Mayuro amakhala ku Ulaya, mapaundi ku London. Ife tikamalipira fetereza kapena mafuta, sitinkanyamula kanthu. Tinkangotumiza uthenga ku banki ya kutsidya kuti chotsani zakutizakuti pa akaunti yathu, muike pa akaunti ya uje. Banki ija ikamvera, katundu walipiridwa. Choncho thumba la ndalama zakunja ndi lonjezo la anthu ena lakuti tsiku limene mudzafune adzakumverani. Zili ngati chimanga chosungitsa m'nkhokwe ya mnansi: nchanu ndithu, aliyense akudziwa kuti nchanu, koma makwerero ali ndi mwini nkhokwe.

A ku Russia ankadziwa zimenezi, ndipo anakonzekera kwa zaka 8. Atalanda dera la Crimea mu 2014 ndi kupatsidwa zilango zoyamba za zachuma, banki yawo yaikulu inayamba kugula golide pafupifupi matani 200 chaka chilichonse, ndipo mu 2018 mokha inagula matani oposa 270. Sinkamugula kunja. Russia imakumba matani oposa 300 pachaka, kotero bankiyo inkagula golide wa m'migodi ya kwawo, kulipira ndi ndalama yawo ya rubo, n'kumusunga m'dziko mwawo momwemo. M'miyezi ya Epulo ndi Meyi 2018, Amereka itawonjezera zilango, anagulitsa mabondi a boma la Amereka mofulumira, kuchoka pa madola pafupifupi 96 biliyoni kutsika mpaka pafupifupi 15 biliyoni. Pofika Febuluwale 2022 thumba lawo linali ndi chuma cha madola pafupifupi 640 biliyoni, ndipo mwa chimenecho golide anali matani pafupifupi 2,300, a mtengo wa madola 130 biliyoni kapena kupitirira pang'ono.

Cholakwa chawo chinali chimodzi. Iwo ankaganiza kuti mdani wawo ndi dola yokha. Ndalama zambiri zimene anachotsa ku Amereka anakaziika mu mayuro, mapaundi ndi ndalama ya ku Japani, poganiza kuti maiko a ku Ulaya, amene ankadalira gasi wa Russia, sangayerekeze kugwira chuma cha banki yaikulu ya dziko lalikulu choncho. Asilikali awo analowa m'dziko la Ukraine pa 24 Febuluwale 2022. Pa 26 Febuluwale, Loweruka, Amereka, Mangalande, Canada ndi maiko a mgwirizano wa Ulaya analengeza pamodzi kuti aletsa banki yaikulu ya Russia kugwiritsa ntchito chuma chake chosungidwa kwa iwo. Japani inatsatira, ngakhalenso Switzerland, dziko lodziwika ndi kusatenga mbali. Pofika Lolemba pa 28, ndalama pafupifupi madola 300 biliyoni zinali zitatsekeredwa. Nduna yawo ya zachuma, a Anton Siluanov, inavomereza yokha chiwerengerochi mwezi wotsatira. Theka la nkhokwe imene anaimanga zaka zambiri linawachoka m'manja m'masiku awiri a kumapeto kwa sabata.

Mawu akuti kutsekera tiwamvetse bwino, chifukwa si kulanda. Palibe amene anathyola chitseko kapena kunyamula kanthu. Lamulo linangoletsa mabanki ndi makampani a m'maikowo kumvera uthenga uliwonse wochokera ku banki yaikulu ya Russia. Gawo lalikulu la chumacho, pafupifupi mayuro 190 biliyoni, lili ku Euroclear, kampani ya mumzinda wa Brussels ku Belgium imene ntchito yake ndi kusunga kaundula wa mabondi ndi kusamutsa umwini wake anthu akagulitsana. Mabondi a Russia atafika nthawi yake, amene anabwereka ndalamazo anabweza ndithu, koma ndalamazo zinangounjikana ku Euroclear popeza mwini wake saloledwa kuzitenga. Kampaniyo inaziika pamalo obala chiwongoladzanja, ndipo mu 2023 mokha zinabala mayuro oposa 4 biliyoni. Mu 2024 maiko a ku Ulaya anagwirizana kuti phindu limeneli lizithandiza Ukraine, ndipo mu Juni chaka chomwecho maiko olemera a G7 anagwirizana zopereka ngongole ya madola 50 biliyoni ku Ukraine, yoti izibwezedwa ndi phindu lomwelo. Ng'ombe idakali m'dzina la mwini wake, koma mkaka akumwa ndi ena.

Sindikulemba kuti ndiikire kumbuyo Russia. Dziko limene lalowa ndi mfuti m'dziko la eni lisadabwe anthu akalitsekera zitseko. Ndipo kutsekera chuma cha dziko sikunayambe apa: Amereka inatsekera chuma cha Iran mu Novembala 1979, cha Libya chinatsekeredwa mu 2011, ndipo mu Ogasiti 2021, a Taliban atalanda boma, madola pafupifupi 7 biliyoni a banki yaikulu ya Afghanistan anatsekeredwa ku New York. Chachilendo mu 2022 chinali kukula kwa dziko lokhudzidwa, kuchuluka kwa ndalama, ndiponso kuti maiko onse a ndalama zodalirika anachita limodzi m'masiku ochepa. Gavanala aliyense padziko lapansi, ngakhale amene ankadana ndi nkhondoyo, anadzifunsa usiku umenewo kuti kodi mwa zimene ndimasunga, nchiyani chimene munthu wina sangachitseke ndi siginecha yake.

Yankho linali golide wosungidwa kunyumba. Bondi ndi ngongole ya munthu wina kwa iwe, akaunti ndi ngongole ya banki kwa iwe, ndipo wangongole akhoza kuletsedwa kukubwezera. Mtanda wa golide si ngongole ya aliyense. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Zotsatira zake zinaoneka m'ziwerengero. Kuyambira 2010 mpaka 2021 mabanki aakulu a maiko ankagula golide matani osakwana 500 pachaka tikaphatikiza onse n'kugawa mofanana. Mu 2022 anagula matani oposa 1,000, mu 2023 chimodzimodzi, mu 2024 chimodzimodzinso. Migodi yonse ya padziko imatulutsa matani pafupifupi 3,600 pachaka, ndiye kuti mabanki aakulu ankatenga choposa gawo limodzi mwa magawo 4. China inalengeza kuti yagula golide miyezi 18 yotsatizana, kuyambira Novembala 2022 mpaka Epulo 2024. India inasamutsa matani pafupifupi 100 kuchoka ku London kupita kwawo mu 2024. Banki yaikulu ya Ulaya inanena mu 2025 kuti pakutha kwa 2024 golide anali atapitirira yuro, n'kukhala wachiwiri kwa dola pa chuma chimene maiko amasunga.

Si onse ogula amene akuopa zilango, ndipo mfundoyi anthu amailumpha. Dziko la Poland, limene linagula matani 90 mu 2024 kuposa dziko lina lililonse, ndi bwenzi la Amereka ndipo lili mu mgwirizano wa Ulaya. Palibe amene akufuna kulitsekera akaunti. Ilo likuopa nkhondo imene ili pakhomo pake. Turkey imagula ndi kugulitsa malinga ndi mavuto a ndalama yake, ndipo mu 2023 inagulitsa golide wambiri m'miyezi ingapo pofuna kukwaniritsa anthu ake amene ankathawira ku golide. Gawo lina la kukwera kwa golide m'mathumba a maiko silinabwere chifukwa chogula nkomwe, koma chifukwa mtengo wake wakwera. Munthu akangonena kuti maiko akugula golide osanena kuti dziko liti ndi chifukwa chanji, sanakuuzeni kanthu.

Tsopano funso limene ndikufuna kuti mulione bwino: kodi golide uja anaithandiza bwanji Russia pa tsiku la tsoka? Lolemba lija ndalama yawo inagwa kwambiri, ndipo m'masiku otsatira dola imodzi, imene inkagulidwa ndi marubo osakwana 80 nkhondo isanayambe, inapitirira 120. Banki yaikulu ikafuna kuteteza ndalama yake imagulitsa madola pamsika, koma madolawo anali atatsekeredwa. Kodi anatulutsa golide? Ayi. Anakweza chiwongoladzanja kuchoka pa 9.5 kufika pa 20 peresenti tsiku limodzi. Analamula makampani ogulitsa katundu kunja kuti agulitse 80 peresenti ya ndalama zakunja zimene alandira. Analetsa anthu kutulutsa ndalama m'dziko mwachisawawa, n'kutseka msika wa masheya pafupifupi mwezi wathunthu. Koposa zonse, mafuta ndi gasi zinapitiriza kugulitsidwa pa mitengo yokwera, ndipo m'chaka cha 2022 ndalama zolowa m'dzikomo zinaposa zotuluka ndi madola oposa 200 biliyoni. Pofika Juni, rubo inali yamphamvu kuposa nkhondo isanayambe. Chinawapulumutsa ndi katundu amene dziko lapansi linkamufunabe.

Golide anakhala chete m'zipinda zake, ndipo zifukwa zake nzomveka. Msika waukulu wa golide uli ku London, ndipo kumeneko amalandira mitanda yokhayo yochokera kwa oyenga amene ali pa mndandanda wa LBMA, bungwe loyang'anira msikawo. Mtanda wovomerezeka umalemera pafupifupi makilogalamu 12.5, umakhala ndi golide weniweni magawo osachepera 995 pa 1,000, ndipo umadindidwa dzina la woyenga ndi nambala yake. Pa 7 Malichi 2022 bungwelo linaimitsa oyenga 6 a ku Russia. M'mwezi womwewo Amereka inachenjeza kuti kuchita malonda a golide ndi banki yaikulu ya Russia kukugwa m'zilango zomwe zija, ndipo pakati pa chaka maiko a G7 ndi a ku Ulaya analetsa kugula golide watsopano wa ku Russia. Taganizaninso za kulemera kwake. Pa mtengo wa nthawi imeneyo, pafupifupi madola 1,900 pa aunsi, muyeso wa magalamu pafupifupi 31, ngongole ya madola 1 biliyoni inkafuna matani 16 ndi pang'ono, mitanda pafupifupi 1,300. Imeneyo iyenera kukwera ndege, ndi inshulansi, ndi alonda, kupita kwa wogula amene saopa zilango, ndipo wogula wotereyo amadziwa kuti ulibe kwina kopita, choncho amakugwetsera mtengo. Akakulipira, akulipira ndi ndalama yanji? Ngati ndi madola, wabwerera pa khomo lotsekedwa lomwe lija. Kumapeto kwa Juni 2022 Russia inalephera kufikitsa chiwongoladzanja cha madola pafupifupi 100 miliyoni kwa eni mabondi ake akunja, ili ndi matani 2,300 a golide m'nyumba, chifukwa njira zolipirira zinali zotsekedwa.

Kunena mosakondera, golideyo sanapite pachabe. Sanalandidwe, ndipo mtengo wake unakwera: unadutsa madola 3,000 pa aunsi mu Malichi 2025 ndi 4,000 mu Okutobala. Tani imodzi ndi maaunsi 32,151, ndiye pa mtengo wa 4,000 matani 2,300 akuyandikira madola 300 biliyoni, pafupifupi zofanana ndi zimene zinatsekeredwa. Pa pepala, kukwera kumeneku kunabweza gawo lalikulu la chimene anataya. Koma onani mtundu wa thandizo lake. Golide anasunga chuma kwa zaka, sanalipire katundu wa mawa. Ali ngati ng'ombe ya m'khola: imakupatsa ulemu, imakuthandiza pa vuto lalikulu lobwera kamodzi, koma sungaidule mwendo kuti ukagule mchere.

Apa pali msampha umene wogula golide aliyense amakumana nawo. Kuti golide akhale wosavuta kugulitsa, ayenera kukhala ku London. M'zipinda za pansi pa Bank of England, banki yaikulu ya Mangalande, muli mitanda pafupifupi 400,000 ya maiko ndi mabanki osiyanasiyana, ndipo ukagulitsa mtanda suchoka m'nyumbamo, amangosintha dzina la mwini m'kaundula, madola n'kulowa mu akaunti patapita masiku 2. Ungathenso kumuika chikole n'kubwereka madola. Koma golide wa ku London ali m'nkhokwe ya mnansi ija. Funsani a ku Venezuela. Pulezidenti Hugo Chávez anabweza kwawo matani pafupifupi 160 mu 2011 ndi 2012, koma ena anatsalira ku London. Boma la a Nicolás Maduro litafuna kubweza golide wake wa ku London mu 2018, silinapatsidwe. Chaka chotsatira Mangalande inazindikira a Juan Guaidó ngati mtsogoleri wogwirizira, ndipo mlandu unakhala wakuti kodi ndani ali ndi mphamvu yolamula bankiyo kuti itulutse golideyo. Unafika mpaka ku khoti lalikulu kwambiri la Mangalande mu Disembala 2021, boma la a Maduro osapeza kanthu. Afghanistan nayo inali ndi golide ku New York, ndipo anatsekeredwa pamodzi ndi madola. Golide wa kunyumba wa Venezuela naye sanakhalitse: boma linamugulitsa pang'onopang'ono, ena kudzera ku Turkey, ndipo dziko limene linali ndi matani oposa 350 linatsala ndi osakwana 100 anthu ake akuthawabe njala. Wa kunja amagulitsika koma angatsekeredwe, wa kunyumba satsekeredwa koma sagulitsika msanga. Dziko limayenera kusankha chimene likuopa kwambiri.

Ndiye ife tikuopa chiyani? Malawi sinatsekeredwepo thumba lake. Mavuto athu ndi maiko olemera amabwera mwa njira ina: amasiya kutipatsa. Mu Meyi 1992 anaimitsa thandizo chifukwa cha nkhani za ufulu wa anthu. Mu 2011, kazembe wa Mangalande atathamangitsidwa, thandizo linaima ndipo tonse tikukumbukira kugona pa mizere ya mafuta. Mu 2013 linaimanso chifukwa cha kubedwa kwa ndalama za boma. Nthawi zonsezi zimene tinali nazo kunja tinkatha kuzigwiritsa ntchito, vuto linali lakuti zinali zochepa. M'zaka zaposachedwapa thumba la boma lakhala likutsika mpaka kusakwanira kulipira katundu wa mwezi umodzi, pamene malangizo odziwika amati dziko lizisunga za miyezi 3. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Russia inali ndi nkhokwe yodzaza ikuopa kulandidwa makwerero. Ife makwerero tili nawo, chimanga ndiye mulibe.

Choncho, kutenga madola ochepa amene tili nawo n'kukagula golide pa msika wa kunja kungakhale misala, ndipo ndikukhulupirira kuti palibe mmodzi mwa inu amene akuganiza zotero. Golide sabala chiwongoladzanja, ndipo mtengo wake umagwanso, chinthu chimene anthu amaiwala ukamakwera. Mu 2011 unafika pafupifupi madola 1,900, mu 2013 unagwa ndi 28 peresenti m'chaka chimodzi, ndipo pofika Disembala 2015 unali pafupi ndi 1,050. Ngakhale mu 2022 momwemo, mabanki aakulu ali mkati mogula, unatsika kufika pafupi ndi 1,630 chakumapeto kwa chaka chifukwa chiwongoladzanja cha dola chinali chitakwera. Dziko losunga chuma cha zaka 20 likhoza kudikira. Dziko limene sitima ya mafuta ikuliyembekezera ku Beira kapena ku Nacala limagulitsa tsiku limene lakakamizika, pa mtengo uliwonse wa tsikulo.

Kumene nkhaniyi ikutikhudza zenizeni ndi pa golide wa m'nthaka mwathu. Kuyambira 2021 Banki Yaikulu, kudzera ku nthambi yake ya Export Development Fund, yakhala ikugula golide kwa anthu okumba ndi manja, amene amasefa mchenga m'maboma ngati Machinga, Mangochi, Nkhotakota ndi Kasungu. Maiko ena a mu Africa akuchita zofanana: banki yaikulu ya Zambia imagula golide wa mgodi wa Kansanshi, Ghana inayamba kugula golide wa kwawo mu 2021, ndipo Zimbabwe inatulutsa ndalama ya ZiG mu Epulo 2024 ponena kuti yatsamira pa golide, ngakhale inagwetsedwa ndi 40 peresenti ndi kupitirira mu Seputembala chaka chomwecho. Ganizo logula golide wa kwathu ndi labwino ndipo ndikulivomereza, chifukwa ndi njira yosandutsira makwacha kukhala chinthu chogulitsika kunja. Koma cholinga chake nchosiyana ndi cha Russia. Iwo ankagula golide kuti athawe dola, ife tikugula golide kuti tipeze dola. Zolinga ziwirizi zimafuna machitidwe osiyana. Wothawa dola amasunga golide kunyumba osamukhudza. Wofuna dola amayenga golide msanga kwa oyenga ovomerezeka, monga Rand Refinery ku South Africa, n'kumuika pamene angagulitsidwe kapena kuikidwa chikole mawa. Fumbi la golide ndi timibulu tosungunula kumudzi, ngakhale zitatsekeredwa m'chipinda chachitsulo, sizinafike pokhala chuma cholipirira katundu wakunja.

Tiyeni tiwerengenso kukula kwake kuti tisadzinamize. Pa mtengo wa madola 4,000 pa aunsi, galamu imodzi ya golide weniweni ndi pafupifupi madola 129, kilogalamu ndi 129,000. Makilogalamu 100 ndi madola pafupifupi 13 miliyoni. Dziko lathu limafuna madola pafupifupi 250 miliyoni pamwezi kulipira katundu wakunja, ndiye makilogalamu 100 aja sakwanira masiku 2. Mwezi umodzi ukufuna pafupifupi matani 2. Sindikunyoza, pang'onopang'ono ndi mtolo, koma wina akadzaima m'Nyumba ya Malamulo n'kunena kuti golide wathu alimbitsa kwacha, aphungu mudzamufunse makilogalamu, mudzachite samuyi pa foni yanu.

Palinso mtengo wobisika, ndipo nchifukwa chake ndaphatikiza a Nduna m'kalatayi. Wokumba golide amagulitsa kwa amene wapereka zambiri, ndipo ozembetsa amawerengera dola pa mtengo wa pamsewu. Ndipereke chitsanzo chongoyerekeza kuti samu iphweke. Tinene kuti golide wina ndi wa madola 100, mtengo wa dola ku banki ndi K1,750, pamsewu ndi K3,500. Wozembetsa akhoza kupereka pafupifupi K350,000 osaluza. Banki Yaikulu ikapereka K175,000, wokumbayo sabwera, golide adutsa malire usiku. Ikapereka K350,000 kuti ipikisane, yalipira kawiri mtengo umene golideyo adzalembedwe m'mabuku ake, ndipo kusiyana kwa K175,000 ndi chitayiko chimene pamapeto pake chimagwera boma. Kuwonjezera apo, makwacha ogulirawo amapangidwa ndi bankiyo. Akasiyidwa kuti azungulire amakweza mitengo ya zinthu, ndipo akabwezedwa pogulitsa mabondi, bankiyo imalipira chiwongoladzanja chokwera. Mwina mtengo umenewu ngoyenera kulipira kuti tipeze madola. Koma ulembedwe poyera, anthu auone.

Zopempha zanga nzochepa. A Gavanala, muzisindikiza miyezi 3 iliyonse makilogalamu amene agulidwa, mtengo wa galamu umene walipiridwa, kuchuluka kwa golide weniweni amene watsala atayengedwa, ndi kumene akusungidwa. Kusiyana pakati pa kulemera kogula ndi kulemera koyenga ndi pamene chinyengo chimabisala, chifukwa golide wa m'mitsinje amakhala wosakanikirana ndi siliva ndi zina, ndipo sikelo ndi makina oyezera zili m'manja mwa anthu. Ngati kusiyanako kukukula chaka ndi chaka, pena pake pali dzenje. Munenenso ngati golide wina waikidwa chikole, chifukwa golide wa chikole amaoneka m'mabuku ngati wathu pamene wina ali kale ndi dzanja pa iye. Venezuela inataya golide wambiri mwa njira imeneyi mu 2019, italephera kuwombola amene inaika chikole ku mabanki akunja.

A Nduna, lembani m'chiganizo chimodzi chimene golideyu tikumugulira. Ngati ndi wopezera madola, pakhale lamulo lonena nthawi yogulitsa ndi amene amavomereza, kuti asakhale akungodikira mtengo wabwino pamene zipatala zilibe mankhwala, komanso asagulitsidwe mwakachetechete kwa wogula wosankhidwa m'chipinda. Ngati gawo lina ndi losunga nthawi yaitali, munene kuti ndi gawo lalikulu bwanji ndiponso kuti lidzayamba kusungidwa thumba likafika miyezi ingati.

Aphungu, inu muli ndi mphamvu yoitana ndi kufunsa. Pemphani kuti owerengera chuma oima paokha azilowa m'chipinda chosungiramo kamodzi pachaka, aziyeza mtanda uliwonse, azifananiza nambala yake ndi ya m'kaundula, lipoti lake lizifika kwa inu. Jeremani, imene ili ndi matani oposa 3,300, inakakamizidwa ndi ofesi yake yowerengera chuma cha boma mu 2012 kuti itsimikize golide wake wosungidwa kunja, ndipo pofika 2017 inali itabweza kwawo matani 674 kuchokera ku New York ndi ku Paris, mtanda uliwonse ukuyezedwa pofika. Athu ndi makilogalamu chabe, kuwerenga kwake sikungathe tsiku lathunthu. Ndikupempha kuti lipoti loyamba lifike m'Nyumba ya Malamulo musanakambirane bajeti ikubwerayi.

Ine wanu,
Mzika yopuma pantchito ya ku banki, Zomba